Ndalama za soya zikamabwera m'madola: kumanga mtengo ku banki kapena kukongola madola lero?

LIFIDZI, Angoniya. Mu Febuluwale 2021 dola imodzi ya ku Amereka inkagula pafupifupi mametikali 75. Pofika pakati pa mwezi wa Epulo chaka chomwecho, dola yomweyo inkagula pafupifupi 55 okha. Ogula katundu kunja adasangalala. Koma aliyense amene adagulitsa katundu kunja mu Febuluwale n'kumadikira malipiro a madola 100.000 mu Epulo adapeza kuti mametikali 7.500.000 amene ankawerengera asanduka 5.500.000. Wogula sadabe kalikonse, adalipira madola onse monga mwa pangano. Mamiliyoni awiri adathera panjira, pakati pa tsiku la pangano ndi tsiku la malipiro.

Kuyambira pakati pa chaka cha 2021 metikali idakhazikika kwa zaka zingapo pafupi ndi 63 kapena 64 pa dola, ndipo amalonda ambiri adazolowera kuona nambala yomweyo tsiku ndi tsiku. Koma amene ali ndi zaka pa malonda amakumbukiranso 2016, chaka chimene nkhani ya ngongole zobisika idaululika, pamene dola idachoka pa mametikali pafupifupi 45 n'kupitirira 75. Mtengo wa kambiyu umatha kugona nthawi yaitali, kenako n'kudzuka mwadzidzidzi, ndipo umapita mbali iliyonse.

Kwa mabungwe a alimi ndi amalonda a kuno ku mapiri a Angoniya, amene amasonkhanitsa soya, nyemba ndi chimanga ku Lifidzi, Domwe ndi Ulongwe n'kufuna misika ya kunja, pali njira ziwiri zodziwika zodzitetezera. Yoyamba ndi kupangana ndi banki lero mtengo umene idzagulire madola patsogolo. Mabanki amaitcha fowadi, ndipo m'Chipwitikizi amati kambiyu a purazu. Yachiwiri ndi kukongola madola lero, kuwasintha nthawi yomweyo kukhala mametikali, kenako n'kudzabweza ngongoleyo ndi madola a wogula akafika. M'mabuku amati njira ziwirizi zimapereka ndalama zofanana. Pa kauntala ya banki sizifanana, ndipo imene ipambane imadalira chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwa wogulitsayo, osati mwa banki.

Nambala zimene zikutsatirazi ndi zachitsanzo, zosankhidwa kuti masamu aoneke bwino. Si mitengo ya banki ina iliyonse lero.

Bungwe la alimi la ku Lifidzi lasainirana pangano ndi kampani ya kunja mu Malichi. Lidzatumiza matani 200 a soya pa madola 500 tani iliyonse akakolola, ndipo madola 100.000 adzalowa mu Seputembala, patatha miyezi isanu ndi umodzi. Lero banki ikugula dola pa mametikali 63,25. Apa pali pamene ambiri amaphonya poyamba: pa bolodi la banki pamakhala mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira. Wogulitsa katundu kunja ndiye akupereka madola ku banki, choncho wake ndi mtengo wotsikawo, umene banki imagulira.

Bungweli likangokhala osachita kanthu, ndalama zake zidzadalira tsikulo. Dola ikakhalabe pa 63,25 lidzalandira mametikali 6.325.000. Ikakwera kufika pa 70 lidzalandira 7.000.000. Ikatsika kufika pa 55, monga mu 2021, lidzalandira 5.500.000, pamene alimi lidawalipira kale soya wawo m'mametikali pa mtengo umene lidawerengera pa 63.

Fowadi

Mu njira yoyamba bungwe limapita ku banki ndi pangano lake la malonda n'kufunsa mtengo wa madola 100.000 a mu Seputembala. Banki yanena kuti idzagula pa 65,00. Asainirana. Lero palibe ndalama imene yasuntha, kupatula chikole chimene banki ingapemphe. Mu Seputembala bungwe lipereka madola 100.000 ndipo lilandira mametikali 6.500.000, kaya dola pa tsikulo ili pa 55 kapena pa 70.

Funso limene munthu aliyense wochenjera amafunsa ndi lakuti: bwanji banki ikulonjeza 65,00 pamene lero ikugula pa 63,25? Kodi ikudziwa kuti metikali igwa? Ayi. Mtengo wa fowadi si ulosi. Umachokera pa kusiyana kwa chiwongoladzanja cha ndalama ziwirizo, ndipo njira yabwino youmvetsa ndi kuona zimene banki imachita ikangosaina.

Banki nayonso sifuna kugona ndi nkhawa ya madola amene idzalandire mu Seputembala. Ndiye imakongola madola lero kwa mabanki anzake, tinene pa 5 peresenti pachaka, kutanthauza 2,5 peresenti pa miyezi isanu ndi umodzi. Imakongola ndalama zimene pamodzi ndi chiwongoladzanja zidzakwane madola 100.000 ndendende, zomwe ndi madola 97.561. Imawagulitsa lero pa 63,25 n'kupeza mametikali pafupifupi 6.170.700. Mametikaliwo imawakongoza pa 12 peresenti pachaka, 6 peresenti pa theka la chaka, ndipo mu Seputembala amakhala pafupifupi 6.541.000. Madola a bungwe akafika imabwezera ngongole yake. Pa dola iliyonse yapeza 65,41. Mwachidule masamu ake ndi awa:

63,25 × 1,06 ÷ 1,025 = 65,41

Bungwe lalonjezedwa 65,00, choncho banki yatsala ndi mametikali pafupifupi 41.000 ngati phindu lake. Malinga ngati chiwongoladzanja cha metikali chili pamwamba pa cha dola, mtengo wa fowadi umayenera kukhala pamwamba pa mtengo wa lero. Wogulitsa kunja amene wapatsidwa fowadi wofanana ndi mtengo wa lero, kapena wotsikirapo, ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti kusiyana kwa chiwongoladzanja kwapita kuti. Ndipo Banki Yaikulu ya Mozambiki ikasintha chiwongoladzanja chake chotsogolera, chotchedwa MIMO, mitengo ya fowadi imatsatira. Chiwongoladzanjachi chinali pa 17,25 peresenti chaka chonse cha 2023, ndipo chidayamba kutsitsidwa mu Januwale 2024. Chikamatsika, phindu limene wogulitsa madola amapeza pa fowadi limacheperanso.

Kukongola madola

Njira yachiwiri ndi yomweyo imene banki yachita pamwambapa, koma tsopano bungwe likuichita lokha. Vuto ndi lakuti bungwe la alimi silikongola pa mtengo wa mabanki. Banki yavomera kulikongoza madola pa 8 peresenti pachaka, 4 peresenti pa miyezi isanu ndi umodzi.

Lisakongole madola 100.000 onse. Likatero, mu Seputembala lidzafunika kubweza 104.000 pamene wogula akutumiza 100.000 okha, ndipo madola 4.000 otsalawo lidzawagula pa mtengo wosadziwika, womwe ndi msampha umene likuthawa. Ndalama yoyenera kukongola ndi imene idzakule n'kufika pa 100.000 pa tsiku lobweza:

100.000 ÷ 1,04 = 96.153,85

Madola 96.153,85 amenewa asinthidwa lero pa 63,25 ndipo mu akaunti mwalowa mametikali 6.081.731. Kuyambira pamenepa nkhawa ya kambiyu yatha. Bungwe lili ndi ngongole ya madola 100.000 mu Seputembala, ndipo likuyembekezera madola 100.000 mu Seputembala womwewo. Ziwirizi zimafafanizana, dola ikwere kapena itsike.

Tsopano pali nambala ziwiri patebulo: 6.500.000 ya fowadi ndi 6.081.731 ya ngongole. Msungichuma wofulumira anganene kuti fowadi yapambana ndi mametikali opitirira 418.000. Kumeneko ndi kulakwitsa, chifukwa ndalama ziwirizi si za tsiku limodzi. Ina ili m'manja mu Malichi, ina idzabwera mu Seputembala. Thumba la chimanga la mu Febuluwale, njala itavuta, silifanana ndi thumba la mu Juni, ndipo ndalama nazonso zili choncho. Kuti ziyerekezedwe, mametikali a mu Malichi ayenera kupititsidwa mpaka Seputembala, ndipo funso ndi lakuti m'miyezi isanu ndi umodziyo adzakhala akugwira ntchito yanji.

Ngati bungwe lilibe pogwiritsa ntchito ndalamazo, lidzazisungitsa ku banki pa akaunti ya nthawi yoikika. Tinene kuti banki ikupereka 9 peresenti pachaka, 4,5 peresenti pa theka la chaka. Chiwongoladzanja chake ndi mametikali 273.678, ndipo mu Seputembala zonse zikwana 6.355.409. Pa dola iliyonse ndi 63,55. Fowadi ikupereka 65,00. Apa fowadi yapambanadi, ndi mametikali pafupifupi 144.600, msonkho wa pa chiwongoladzanja ndi ndalama zotsegulira ngongole zisanachotsedwe n'komwe. Chifukwa chake n'choonekeratu: bungwe lakongola modula kuposa banki, 8 m'malo mwa 5, ndipo lasungitsa motchipa kuposa banki, 9 m'malo mwa 12. Laluza mbali zonse ziwiri.

Koma ndi mabungwe angati a alimi amene amakhala ndi ndalama zongogona pakati pa Malichi ndi Seputembala? Imeneyi ndiyo nyengo imene ndalama imasowa kwambiri. Soya akangouma, mlimi amafuna ndalama pamanja, ndipo bungwe likachedwa, amalonda a masikelo a m'mbali mwa msewu amamugula. Pamafunikanso matumba, mosungira ndi galimoto. Mabungwe ambiri amakongola mametikali pa ntchito imeneyi, ndipo ngongole ya metikali ndi yodula.

Tinene kuti bungweli likadakongola mametikali pa 20 peresenti pachaka, 10 peresenti pa miyezi isanu ndi umodzi, kapena lili kale ndi ngongole yotere imene lingaibweze lero. Ndiye kuti mametikali 6.081.731 a m'manja akulipulumutsa ku chiwongoladzanja cha 608.173. Mtengo wawo weniweni mu Seputembala ndi 6.689.904, womwe ndi 66,90 pa dola. Tsopano ngongole ya madola yapitirira fowadi ndi mametikali pafupifupi 189.900. Banki ndi yomweyo, wogula ndi yemweyo, mitengo ndi yomweyo, koma yankho latembenuka chifukwa cha mmene thumba la bungwe lilili.

Pali malire pamene njira ziwirizi zimafanana, ndipo ndi nambala imene msungichuma ayenera kuipeza asanalowe m'banki. Agawe ndalama ya fowadi ndi ndalama ya lero: 6.500.000 ÷ 6.081.731 zimapereka 1,0688. Ndiko kuti 6,88 peresenti pa theka la chaka, kapena pafupifupi 13,75 peresenti pachaka. Ngati mametikali a lero angabweretse kapena kupulumutsa zoposa 13,75 peresenti pachaka, kukongola madola kuli bwino. Ngati sangafike pamenepo, fowadi ili bwino. Kusungitsa pa 9 kuli pansi pa malirewo, kubweza ngongole ya 20 kuli pamwamba.

Chenjezo limodzi pa masamu amenewa. Phindu la 20 peresenti limawerengedwa pa ndalama zokhazo zimene zikulowadi m'malo mwa ngongole, komanso pa miyezi yokhayo imene ngongoleyo ikadakhalapo. Ngati bungwe limafunika mametikali 3.000.000 okha, otsalawo adzagona pa 9 peresenti, ndipo zikaphatikizidwa zimafika pafupifupi 14,4 peresenti, pamwamba pang'ono chabe pa malire aja. Ndalama zotsegulira ngongole ndi msonkho wa sitampa zingathe kumeza kusiyana kochepa koteroko. Chimodzimodzinso ngati kugula soya kuyamba mu Meyi: miyezi iwiri yoyambayo ndalama sizipulumutsa 20 peresenti iliyonse. Mabanki amawerenganso chiwongoladzanja ndi masiku, cha dola pa chaka cha masiku 360, choncho nambala zenizeni zimasiyana pang'ono ndi theka la chaka limene lagwiritsidwa ntchito pano.

Wogula akachedwa kapena akathawa

Njira zonse ziwiri zimateteza ku kambiyu. Palibe imene imateteza kwa wogula wosalipira, ndipo zonse zimakulitsa bala likachitika.

Pa fowadi, bungwe lidalonjeza kupereka madola 100.000 pa tsiku loikika. Banki sidzafunsa ngati mvula idaononga soya kapena ngati galimoto idakanidwa pa malire. Wogula akapanda kulipira, ndipo banki ikugulitsa dola pa 70, kutseka panganolo kudzadya mametikali 500.000: kugula madola pa 7.000.000 n'kuwapereka pa 6.500.000. Dola ikakhala kuti yatsika, bungwe lingatuluke ndi kaphindu, koma umenewo ndi mwayi chabe.

Pa ngongole ya madola zinthu zimalemera kwambiri. Ngongole yonse ya madola 100.000 imatsala pakhosi pa bungwe. Ngati mametikali adasungitsidwa, alipo 6.355.409, ndipo pa mtengo wa 70 akuperewera ndi pafupifupi 644.600. Ngati adagulira soya, ndalamazo zili m'matumba a soya kapena m'galimoto imene idapita kale, ndipo bungwe liyenera kupeza mametikali 7.000.000 kwina. Pamwamba pa izo liyenera kupeza madola enieniwo, pamene mabungwe a amalonda m'dziko muno akhala akudandaula poyera mu 2024 ndi 2025 kuti madola akuvuta kupezeka m'mabanki. Ngakhale kuchedwa kwa mwezi umodzi kuli ndi mtengo wake: 8 peresenti pa madola 100.000 kwa masiku 30 ndi madola pafupifupi 667, chilango chisanaonjezedwe.

N'chifukwa chake amene adazolowera malonda amenewa sateteza ndalama yonse pamene mbewu idakali m'munda. Pangano la matani 200 losainidwa mu Malichi lingathe kukhala matani 150 mu Juni. Kumanga madola 70.000 okha poyamba, kenako n'kuonjezera katundu atakwera galimoto, kumasiya mpata. Kalata ya banki ya wogula yotsimikiza malipiro imachepetsanso chiopsezo, ndipo kawirikawiri ndiyo imachititsa banki ya kuno kuvomera kukongoza madola.

Malamulo ndi mtunda

Zonsezi zimachitika pansi pa lamulo la kambiyu, nambala 28/2022, ndi malangizo a Banki Yaikulu. Ndalama za katundu wogulitsidwa kunja ziyenera kubwera m'dziko kudzera ku banki, ndipo wogulitsa amatsegula chikalata chotchedwa Termo de Compromisso ndi banki yake. Mu Epulo 2025 Banki Yaikulu idakweza gawo la ndalama zakunja zimene wogulitsa ayenera kusintha kukhala mametikali kuchoka pa 30 kufika pa 50 peresenti. Kwa amene wachita fowadi pa ndalama yonse lamuloli silivuta, popeza madola onse akusinthidwa. Kwa amene akufuna kuti madola akafika abwezere ngongole, nkhani ya gawo losinthidwalo iyenera kumveka ndi kulembedwa m'pangano la ngongole asanasaine, osati pa tsiku limene madola alowa.

Palinso nkhani ya mtunda. Mtengo wa fowadi sutuluka pa kauntala ya nthambi ya banki ku Ulongwe kapena ku Tete. Umachokera ku ofesi ya misika ya ndalama ku likulu la bankiyo ku Maputo, ndipo umakhala wamoyo kwa kanthawi kochepa. Banki imayamba yaunika bungwe ngati mmene imaunikira wokongola, chifukwa fowadi nayo ndi lonjezo limene lingaphwanyidwe. Bungwe lopanda mabuku a chuma olongosoka ndi mapepala olilembetsa mwalamulo silifika n'komwe pa funso losankha njira.

Nanga kwacha?

Kunena zoona, malonda ambiri a ku Lifidzi sali m'madola. Mbatatesi, nyemba ndi chimanga zimawoloka pa Kalomwe kupita ku Dedza, kapena pa Biriwiri kupita ku Ntcheu, ndipo ngongole zambiri zimatchulidwa m'makwacha. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya Malawi idatsitsa kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1.180 kufika pa 1.700. Pa mtengo wa boma, amene ankadikira makwacha 11.800.000 adagona ali ndi madola 10.000 n'kudzuka ali ndi pafupifupi 6.940. Kwa osintha ndalama a pa malire kwacha inali itagwa kale tsikulo lisanafike, choncho ambiri adamva ululuwo pang'onopang'ono, koma unali womwewo.

Wamalonda wa pa malire sangayembekezere kupeza fowadi ya kwacha ndi metikali. Koma nzeru ya njira yachiwiri imagwira ntchito ngakhale popanda banki. Amene akudikira makwacha 5.000.000 mwezi wamawa kwa wogula wa ku Dedza angatenge lero katundu wa mtengo womwewo pangongole ku Malawi komweko, n'kugwirizana kuti adzalipira m'makwacha pa tsiku limene wogula wake adzamulipire. Katunduyo amugulitsa kuno m'mametikali. Ngongole yake ndi ndalama imene akuyembekezera zili mu ndalama imodzi ndi pa tsiku limodzi, choncho kwacha ikagwa zonse zimagwera limodzi. Chiwongoladzanja chake chimabisala mu mtengo wa katundu wapangongole, umene umakhala wokwera kuposa wa ndalama pamanja, ndipo wogulitsa wa ku Malawi amene akuopa kugwa kwa kwacha amaukweza kwambiri kapena amakana ngongole. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo, wapangongole ndi wa pamanja, ndiko kumalowa m'malo mwa 4 peresenti ija pochita masamu.